Malangizo: Kulemba mathero a lipoti la kuyeretsa mankhwala powaumbanso makristalo

Ophunzira sayansi amene amabwera ndi malipoti awo kuno ku Area 9 mu Lilongwe kuti tiwaonere limodzi amakhala atalemba bwino cholinga, zipangizo ndi ndondomeko. Vuto limadza pa ndime yomaliza, pomwe ambiri amalemba ziganizo ziwiri: kuti ntchito inayenda bwino, ndiponso kuti makristalo anali oyera chifukwa anapeza 73 peresenti. Chiganizo chachiwiricho chaphatikiza mafunso awiri osiyana. Peresenti imakuuzani kuchuluka kwa mankhwala omwe abwerera m'manja mwanu, pomwe madigiri omwe makristalo asungunukira pa moto ndiwo amakuuzani ngati ayera. Kaya mukuphunzira ku Bunda, ku koleji ya zaumoyo mumzinda muno, kapena ku Zomba, wochonga lipoti amafuna kuona kuti mafunso awiriwa mwawayankha padera, kenako mwawalumikiza.

Titsata chitsanzo chimodzi, cha asidi wa benzoiki, C6H5COOH, yemwe amayeretsedwa ndi madzi otentha. Ndi yemwe uja amapezeka m'mafuta odzola a Whitfield ochiza zipere. Aphunzitsi amamukonda chifukwa m'madzi ozizira amasungunuka pang'ono kwambiri, pafupifupi magalamu 0.17 mu 100 mL pa 0 °C ndi magalamu 0.34 pa 25 °C, koma m'madzi oyandikira kuwira amapitirira magalamu 5. Akakhala woyera amasungunuka pa moto pa 122 °C, ndipo mabuku ambiri amalemba 121–123 °C.

1. Sonkhanitsani manambala asanu musanalembe liwu lililonse

Tsegulani kope lanu la mu labu mupeze izi: kulemera kwa ufa wakuda womwe munayamba nawo, kulemera kwa makristalo atauma, madigiri omwe ufa wakuda unasungunukira, madigiri omwe makristalo oyeretsedwa anasungunukira, ndi madigiri olembedwa m'buku. Wophunzira wa chitsanzo chathu, mtsikana wa chaka choyamba, anayamba ndi magalamu 2.00 a ufa wotuwa. Anausungunula mu 50 mL ya madzi otentha, n'kusefa akadali otentha, n'kuziziritsa mu ayezi, n'kutsuka makristalo ndi 10 mL ya madzi ozizira. Atauma analemera magalamu 1.46. Ufa woyamba unasungunuka pa 112–119 °C, ndipo makristalo pa 121–122.5 °C.

Nambala yomwe imasowa kawirikawiri ndi yachitatu. Ambiri amathira ufa wonse mu fulasiki osasungako ngakhale kachitsine, ndiye pamapeto alibe choyerekezera. Popanda nambala imeneyi mungathe kunena kuti makristalo anu ndi oyera ndithu, koma simungasonyeze kuti ndinu munawayeretsa. Ngati munaiwala, pemphani woyang'anira labu akupatseniko pang'ono kuchokera m'botolo lomwelo muyeze. Zikakanika, lembani m'lipoti kuti ufa woyamba simunauyeze.

2. Werengerani peresenti, ndipo nenani zokhazo zomwe ikutanthauza

```
% = (1.46 g / 2.00 g) × 100 = 73.0 %
```

Pamwamba pali kulemera kwa makristalo ouma, pansi pali kulemera kwa ufa womwe munayamba nawo. Lembani 73.0 kapena 73, osati manambala ambirimbiri omwe kakyuleta nthawi zina imatulutsa, pakuti sikelo yanu imathera pa magalamu 0.01. Dziwaninso kuti pano simunapange mankhwala atsopano. Asidi yemwe munathira ndi yemweyo mwatulutsa, choncho mamolo ndi ikweshoni sizikufunika.

Nambala ya 73 siikutanthauza kuti makristalo ndi oyera 73 peresenti, ndipo siikutanthauza kuti 27 peresenti yotsalayo inali zodetsa zokhazokha. Mayi akapeta ndowa ya chimanga n'kutsala ndi theka, thekalo silitiuza ngati chimangacho chayera. Mwina anachotsa zinyalala zambiri, mwina anamwaza chimanga chabwino pansi, ndipo kuti tidziwe tiyenera kutapa m'lichero n'kuyang'ana. Mu labu kuyang'anako ndiko kuyeza madigiri osungunukira.

Aphunzitsi ena amakuuzani kuchuluka kwa zodetsa zomwe anasakaniza. Akanena kuti ufawo unali ndi asidi 90 peresenti, ndiye kuti asidi weniweni anali magalamu 1.80, ndipo 1.46 pa 1.80 ndi 81 peresenti. Perekani manambala onse awiri, aliyense ndi chomwe mwagawira.

3. Fotokozani komwe magalamu osowa anapita, ndi manambala

Apa ndi pomwe lipoti labwino limasiyanirana ndi lipoti wamba, choncho tikhalitsapo. Mtsikana wathu anataya magalamu 0.54. Poyamba analemba kuti izi zinachitika chifukwa cha zolakwitsa za munthu. Mawu amenewa sauza wowerenga kanthu, ndiponso si oona, chifukwa gawo lina la kutayikako likanachitika ngakhale akanagwira ntchito mosalakwitsa konse.

Yambani ndi zomwe mungathe kuwerengera. Madzi ozizira sabweza asidi yense. Pa 0 °C, 100 mL imasunga magalamu 0.17, ndiye 50 mL yomwe anagwiritsa ntchito inapita ndi pafupifupi magalamu 0.085 posefa komaliza. Madzi otsukira aja, 10 mL, akanatha kutenga mpaka 0.017. Pamodzi ndi pafupifupi magalamu 0.10, kutanthauza kuti ngakhale ufa ukanakhala asidi yekhayekha, sakanapitirira 95 peresenti. Chiganizo chimodzi chonena zimenezi chimasonyeza wochonga kuti mukudziwa chifukwa chomwe 100 peresenti siitheka pa njira imeneyi.

Kuwerengera komweku kumakuonetsani kukula kwa zolakwa ziwiri zofala. Wina amathira madzi ochuluka poopa kuti ufa sukusungunuka msanga, mwina 100 mL, kenako n'kuleka fulasiki pa tebulo osaiika mu ayezi. Masana a mu Okutobala muno mu Lilongwe madzi a pa tebulo sangatsike kuchepera 25 °C, ndiye munthu ameneyu wasiya magalamu 0.34 kapena kuposa m'madzi, omwe ndi 17 peresenti ya zomwe anayamba nazo. Ngati ndinu munachita zimenezi, lembani kuchuluka kwa madziwo ndi kutentha kwake, muwerengere, ndipo peresenti yanu yotsika ikhala ndi chifukwa chooneka.

Kwa mtsikana wathu patsala magalamu 0.44 osafotokozedwa. Gawo lina ndi zodetsa zenizeni, zomwe kuchoka kwake ndiye cholinga cha ntchito yonse. Gawo lina ayenera kulifufuza pokumbukira zomwe anaona ndi maso. Nditamufunsa kuti, “Kodi posefa madzi otentha munaona chiyani pa fanelo?” anayankha kuti, “Aphunzitsi, panali timakristalo toyera ngati singano m'mbali mwa pepala, ndiponso m'khosi mwa fanelo.” Chimenecho ndicho choyenera kulemba. Fanelo inali yozizira, madzi anazizirirapo, ndipo asidi anasanduka makristalo asanadutse. Zina zomwe mungatchule, ngati zinachitikadi, ndi makristalo omatirira m'fulasiki, makala oyeretsera ochuluka omwe amagwira asidi pamodzi ndi utoto wodetsa, ndi kuwiritsa nthawi yaitali, chifukwa asidi wa benzoiki amauluka ndi nthunzi. Amaulukanso mukamuumitsa mu uvuni yotentha pafupi ndi 100 °C. Koma musalembe mndandanda wonsewu ngati mukukopera m'buku. Tchulani ziwiri kapena zitatu zomwe munaona, ndipo nenani chomwe mukuganiza kuti chinali chachikulu.

4. Peresenti ikakwera kwambiri, kayikirani chinyezi

Mnzake wa pa benchi yoyandikana anapeza magalamu 2.10 kuchokera ku 2.00, omwe ndi 105 peresenti. Asidi sangadzichulukitse, choncho zoonjezerazo ndi madzi, kapena anaiwala kuchotsera kulemera kwa pepala losefera. Ngakhale 97 peresenti pa chitsanzo chathu ndi yokayikitsa, poti taona kuti malire ndi 95. Makristalo a asidiyu amakhala ngati tinsingano tolukana, ndipo amasunga madzi pakati pawo ngakhale pamwamba akuoneka ouma. Nyengo ya mvula, kuyambira Disembala mpaka Malichi, kuwasiya pa tebulo usiku umodzi nthawi zina sikukwanira. Njira yotsimikizira ndi kuyeza, kuumitsanso, n'kuyezanso mpaka manambala awiri otsatizana afanane. Mukachita zimenezi nenani m'mathero, chifukwa zimalimbitsa umboni wonse. Chinyezi chimawononga manambala onse awiri nthawi imodzi: chimakweza peresenti, n'kutsitsa madigiri osungunukira.

5. Werengani madigiri osungunukira pa zinthu ziwiri: poyambira ndi kutalika kwa mpata

Nambala imodzi yokha, monga 122 °C, si yokwanira. Lembani ziwiri: pomwe kadontho koyamba kanaoneka mu kachubu, ndi pomwe kakristalo komaliza kanatha, zonse n'kukhala madzi oonekera. Kufota kwa ufa kapena kuchita ngati thukuta si chiyambi cha kusungunuka, dikirani dontho lenileni.

Chifukwa chomwe manambalawa amakhalira umboni ndi ichi. Mu kristalo woyera mamolekyu onse ndi ofanana ndipo amayalana mwadongosolo, choncho amamasuka onse pa kutentha kumodzi. Pakakhala mankhwala ena omwe amasakanikirana ndi asidi wosungunuka, kusungunuka kumayamba msanga, pa madigiri otsika. Pamene kukupitirira, zodetsazo zimasukuluka m'madzi a asidi omwe akuchuluka, ndipo makristalo otsala amafuna kutentha kokwererapo kuti athe. Ndiye chifukwa chake chinthu chodetsedwa chimaonetsa zizindikiro ziwiri limodzi: chimayamba pansi, ndipo chimatenga madigiri ambiri kuti chimalize.

Ikani manambala a mtsikana wathu moyandikana. Ufa woyamba unayamba pa 112 °C, madigiri 9 pansi pa 121 ya m'buku, ndipo mpata wake unali madigiri 7. Makristalo anayamba pa 121 °C ndipo mpata unali madigiri 1.5, wonse uli mkati mwa 121–123 °C. Lamulo lomwe ambiri amatsata ndi lakuti mpata wosapitirira madigiri 2, womwenso uli pafupi ndi nambala ya m'buku, ukusonyeza chinthu choyera bwino. Zonse ziwiri ziyenera kukwanira. Mpata waung'ono pa madigiri otsika, monga 110–111 °C, si chizindikiro cha kuyera. Mwina muli ndi mankhwala ena, mwina themometa ndi yolakwika, kapena mwagwera pa msakanizo wapadera uja wotchedwa yutekitiki, womwe umasungunuka mwachangu ngati chinthu choyera koma pa madigiri otsika.

6. Musanaweruze makristalo, weruzani muyeso wanu

Mpata waukulu nthawi zina umachokera kwa woyeza. Ufa mu kachubu ukhale wosalala, wotsendereka, wosapitirira mamilimita 2 kapena 3. Mukayandikira madigiri omwe mukuyembekeza, kutentha kuzikwera digiri 1 kapena 2 pa mphindi. Mukathamangitsa moto chifukwa nthawi ya labu yatha, nambala ya pa themometa imathamanga makristalo asanamalize, ndipo mpata umatalika, mathero ake n'kupitirira a m'buku. Mukapeza 122–127 °C, kayikirani liwiro la moto poyamba, chifukwa zodetsa wamba zimatsitsa madigiri, sizikweza. Muyezenso ndi ufa watsopano, osati womwe wasungunuka kale.

Pali msampha wina wa kwathu kuno. Lilongwe ali pamtunda wa mamita opitirira pang'ono 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo madzi amawira pa 96 kapena 97 °C. Wophunzira akaviika themometa m'madzi owira n'kuona 96.5, amaganiza kuti ikuperewera ndi madigiri atatu ndi theka, ndiye amaonjezera nambalayo pa zonse zomwe anayeza. Pamenepo 121–122.5 °C yabwinobwino imasanduka 124.5–126 °C, ndipo lipoti limayamba kufotokoza vuto lomwe kulibe. Kukwera kwa malo kumasintha kuwira, koma kusungunuka kwa makristalo sikusintha mooneka, choncho nambala ya m'buku imagwira ntchito chimodzimodzi ku Lilongwe ndi ku Nsanje. Njira yabwino yoyesera chipangizo chanu ndi kutenga asidi woyera wa m'botolo la kampani n'kumuyeza pa chipangizo chomwecho tsiku lomwelo. Akasungunuka pa 120–121 °C, mwadziwa kuti chipangizo chikuwerenga motsika pang'ono, ndipo makristalo anu muwayerekeze ndi nambala imeneyo.

7. Dziwani pomwe umboni wanu ukuthera

Ine sindivomereza chiganizo chakuti makristalo ndi oyera 100 peresenti, ngakhale manambala atakoma bwanji. Kusungunuka pa moto sikupereka peresenti ya kuyera. Kuti mupeze nambala yotero mufunika taitireshoni ndi NaOH kapena kromatogalafe. Ndi chifukwa chake m'mabuku a miyezo ya mankhwala, ofanana ndi omwe labu ya bungwe la PMRA muno mu Lilongwe imatsata, madigiri osungunukira amakhala muyeso umodzi mwa ingapo. Parasitamolo, mwachitsanzo, amayembekezeka kusungunuka pa 168–172 °C, koma palibe amene amavomereza mankhwalawo pa umboni umenewu wokha.

Pali zinthu ziwiri zomwe muyesowu suona. Choyamba ndi zodetsa zomwe sizisungunuka m'madzi a asidiyo, monga mchenga, makala kapena ulusi wa pepala losefera. Izi sizitsitsa madigiri, choncho makristalo okhala ndi mchenga angathe kupereka 121–122.5 °C. Apa umboni ndi maso anu: mtundu wa makristalo, ndiponso ngati mu kachubu munatsala tinthu tosasungunuka. Lembani kuti ufa wotuwa unasanduka tinsingano toyera, pakuti umenewo ndi umboni wachitatu.

Chachiwiri, kufanana ndi nambala ya m'buku sikutsimikizira dzina la mankhwala. 2-nafitolo amasungunukanso pafupi ndi 122 °C. Ngati munapatsidwa ufa wosadziwika kuti muutchule dzina, sakanizani makristalo anu ndi asidi wa benzoiki woyera, theka ndi theka, muwapere pamodzi, muyeze. Ngati ndi chinthu chimodzi, madigiri sasintha. Ngati ndi zosiyana, china chimakhala chodetsa cha chinzake, ndipo madigiri amagwa, mpata n'kutalika. Ngati simunachite muyeso umenewu, gwiritsani ntchito mawu akuti “zikugwirizana ndi”, osati “zatsimikizira”.

8. Lumikizani manambala awiriwo n'kupereka chigamulo

Yerekezani mtsikana wathu ndi wophunzira wina yemwe anapeza 88 peresenti ndi 117–121 °C, makristalo atauma bwino. Iyeyo anaponya fulasiki yotentha mu ayezi nthawi yomweyo, makristalo n'kuumbika mothamanga, ang'onoang'ono, atatsekera zodetsa mkati, ndipo sanawatsuke. Wapeza zambiri, koma mpata wa madigiri 4 woyambira pa 117 ukunena kuti ntchito siinathe, ayenera kubwereza. Poti cholinga chinali kuyeretsa, 73 peresenti ya 121–122.5 °C ndiyo yachita bwino. Mukafuna kupulumutsa asidi wotsala m'madzi osefedwa, mungathe kuwaphwetsa pa moto n'kuziziritsanso, koma makristalo achiwiriwa amatuluka m'madzi momwe zodetsa zaunjikana. Muwayeze padera, muwalembe padera.

Tsopano lembani ndime imodzi, kapena ziwiri zazifupi, mwa dongosolo ili: zomwe munapeza, umboni wa kuyera, komwe zotayika zinapita, malire a umboni, ndi chimodzi chomwe mungasinthe. Lipoti lanu mulilemba m'Chingerezi monga mwa masiku onse, koma mfundo zake ziyende motere:

“Magalamu 2.00 a asidi wa benzoiki wodetsedwa anayeretsedwa ndi 50 mL ya madzi, ndipo panapezeka magalamu 1.46 a makristalo oyera onga singano, oumitsidwa mpaka kulemera kutasiya kusintha. Izi ndi 73.0 peresenti. Ufa woyamba unasungunuka pa 112–119 °C, pomwe makristalo anasungunuka pa 121–122.5 °C, poyerekeza ndi 121–123 °C ya m'buku. Mpata unachepa kuchoka pa madigiri 7 kufika pa 1.5, ndipo poyambira panakwera ndi madigiri 9, zomwe zikusonyeza kuti zodetsa zambiri zinachoka ndipo zikugwirizana ndi asidi wa benzoiki woyera bwino. Pa magalamu 0.54 omwe anatayika, pafupifupi 0.10 anatsala m'madzi osefedwa ndi otsukira, choncho peresenti siikanapitirira 95. Otsalawo ndi zodetsa zomwe zinachotsedwa, komanso makristalo omwe anaumira pa pepala ndi m'khosi mwa fanelo posefa madzi otentha. Muyesowu sukupereka peresenti ya kuyera, ndipo muyeso wosakaniza ndi asidi woyera sunachitike. Kutenthetsa fanelo musanasefe kungakweze peresenti popanda kuchepetsa kuyera.”

Onani kuti chosintha chomwe chatchulidwa pamapeto chikuchokera pa vuto lomwe linaonekadi, osati malangizo wamba akuti tizisamala. Nambala iliyonse ya m'ndimeyi iyenera kupezekanso m'gawo la zotsatira, yofanana ndendende, ndipo ya m'buku ikhale ndi dzina la buku lomwe mwaitenga.

9. Zotsatira zikakhala zoipa, lembani zomwezo

Ngati munapeza 41 peresenti ndi 116–121 °C, musasinthe manambala kuti afanane ndi a mnzanu. Wochonga wozolowera amazindikira 122–123 °C yokopera, makamaka ikakhala pafupi ndi 98 peresenti yomwe taona kuti siitheka. Dongosolo la ndime ndi lomwe lija, chigamulo chokha ndicho chisinthe: nenani kuti mpata unachepa pang'ono kuchoka pa madigiri 7 kufika pa 5, kuti kuyeretsa kunachitika mwa gawo chabe, ndipo sonyezani ndi kuwerengera ngati madzi ochuluka ndiwo anadya peresenti. Kenako tchulani choyamba kuchita, chomwe ndi kuumitsanso makristalo n'kuyezanso pa moto wapang'onopang'ono. Madigiri akakwera kufika pa 121, vuto linali chinyezi. Akakhala pomwepo, makristalowo abwerere m'madzi otentha kachiwiri, ndipo peresenti ya ulendo wachiwiriwo muiwerengere kuchokera pa kulemera komwe mwayambira ulendo umenewo.